Kusankha liwu logawa mofanana m'masewera a Wordle

Masewera a Wordle amabisa liwu limodzi la zilembo zisanu, ndipo wosewera amaloledwa kuyesa maulendo 6 kuti alipeze. Akalemba liwu loyesa, timabokosi ta zilembozo timasintha mtundu. Kabokosi kobiriwira kamatanthauza kuti chilembocho chili m'liwu lobisikalo ndipo chili pamalo pake penipeni. Kachikasu kamatanthauza kuti chilembocho chilimo koma chakhala pamalo olakwika. Kotuwa kamatanthauza kuti chilembocho mulibe. Anapanga masewerawa ndi Josh Wardle, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta wochokera ku Wales, yemwe anawatsegulira anthu onse mu Okutobala 2021, ndipo kampani ya nyuzipepala ya The New York Times inawagula mu Januwale 2022. Koma kaseweredwe kake n'kakale ndithu. Masewera a Jotto a m'chaka cha 1955 ankabisanso liwu la zilembo zisanu, ndipo Mastermind, amene Mordecai Meirowitz anapanga mu 1970, amabisa mitundu m'malo mwa zilembo.

M'masewera onsewa wosewera amakumana ndi funso limodzimodzi nthawi iliyonse asanalembe liwu: pa mawu onse amene angathe kulemba, n'liti limene lingamuthandize kwambiri? Ambiri amangolemba liwu limene mtima ukuwauza kuti ndilo yankho. Ena amasaka liwu limene lingayatse timabokosi tobiriwira tambiri, poti zobiriwira zimasangalatsa m'maso. Njira yabwino kuposa zonsezi imayamba ndi kuyang'ana mawu amene atsala, ndiye kuti mawu onse amene akugwirizanabe ndi mitundu imene yaoneka kale, n'kufunsa kuti liwu loyesalo liwagawa motani.

Mitundu ngati chogawira mawu

Liwu lililonse loyesa limagawa mawu otsalawo m'milu. Mawu onse amene angatulutse mitundu yofanana ndendende, kuyambira kabokosi koyamba mpaka kachisanu, amagwera mumulu umodzi. Mitundu ikaoneka, wosewera amadziwa mulu umene muli yankho, ndipo milu ina yonse imatayidwa nthawi yomweyo. Kusankha mulu umene yankho ligweremo si kwa wosewera. Chimene chili m'manja mwake ndi kakulidwe ka miluyo, poti kamadalira liwu limene walemba.

Mfundoyi imaoneka bwino pa masewera osavuta olotera nambala. Wina akabisa nambala ya pakati pa 1 ndi 100, n'kumangoyankha kuti "pamwamba" kapena "pansi", wolotera wanzeru amayamba ndi 50. Kaya yankho likhale lotani, zotsala ndi pafupifupi theka, ndipo akamapitiriza motero saposa maulendo 7. Amene wayamba ndi 90 angachite mwayi n'kutsala ndi manambala 10 okha, koma mwayi umenewo umabwera kamodzi pa maulendo 10 alionse. Pafupifupi maulendo ena onsewo amatsala ndi manambala 89, ngati kuti sanafunse kanthu. Vuto la mulu waukulu ndi la pawiri: muli zinthu zambiri, komanso ndi mmene yankho limagwera kawirikawiri, chifukwa cha kukula kwake komweko.

Mu Wordle mayankho si awiri okha. Kabokosi kalikonse kangakhale ndi mitundu itatu, ndipo timabokosi tilipo tisanu, choncho kasanjidwe ka mitundu kangakhale ka njira 243, zomwe ndi 3 × 3 × 3 × 3 × 3. Zisanu mwa njirazi sizingachitike, chifukwa ngati zilembo zinayi zili zobiriwira, chotsalacho chilibe malo ena oti chikhalepo, ndiye sichingakhale chachikasu. Mndandanda woyambirira wa Wordle unali ndi mayankho 2,315. Liwu lokhoza kuwamwaza mofanana m'milu yonse likanasiya mawu 9 kapena 10 pamulu uliwonse. Palibe liwu la Chingelezi limene limafika pamenepo, koma kusiyana kwa liwu logawa bwino ndi logawa moipa n'kwakukulu kwambiri.

Chitsanzo cha mawu khumi

Masewerawa amatheka papepala m'chinenero chilichonse, bola osewera agwirizane mndandanda wa mawu ololedwa. M'chitsanzo ichi mawu ake ndi a Chichewa. Wosewera wayamba ndi DZINA. Chilembo chomaliza, A, chatuluka chobiriwira, ndipo D, Z, I ndi N zatuluka zotuwa. Pamndandanda umene anagwirizanawo, mawu othera ndi A amene mulibe zilembo zinayizo atsala khumi: CHAKA, CHALA, CHUMA, KHOLA, KHOMA, PHALA, PHULA, THEKA, TSOKA ndi MBEWA. Lililonse mwa mawuwa lingakhale yankho, ndipo palibe limene lili ndi mwayi woposa linzake.

Wosewera atayesa MBEWA, chingachitike n'chiyani? Kamodzi pa maulendo 10 angapambane pomwepo. Yankho litakhala THEKA, E angatuluke wobiriwira, ndipo liwu lotsala lingakhale limodzi lokhalo. Litakhala CHUMA kapena KHOMA, M angatuluke wachikasu, n'kutsala mawu awiri. Koma mawu 6, omwe ndi CHAKA, CHALA, KHOLA, PHALA, PHULA ndi TSOKA, alibe M, B, E kapena W, choncho onse angatulutse mitundu yofanana: zotuwa zinayi ndi A wobiriwira amene anali wodziwika kale. Milu ya MBEWA ndi inayi, ya mawu 6, 2, 1 ndi 1. Chaononga liwuli n'chakuti zilembo zake n'zosowa pakati pa mawu otsalawo. B ndi W akupezeka m'liwu limodzi lokha, ndipo kufunsa za chilembo chotere kuli ngati kuyamba ndi 90 pa masewera a manambala aja.

CHALA akugawa bwino kwambiri kuposa pamenepo. CHAKA, CHUMA ndi PHALA aliyense akukhala payekha, pamodzi ndi CHALA mwiniwake. Mawu otsala akugwera awiriawiri: KHOLA ndi PHULA, KHOMA ndi THEKA, TSOKA ndi MBEWA. Milu ilipo 7, ndipo palibe woposa mawu awiri.

Tsopano pasinthidwe chilembo chimodzi chokha, L achoke, K alowe, liwu loyesa likhale CHAKA. Pansipa B akuimira kabokosi kobiriwira, C kachikasu, ndipo kamzere kakuimira kotuwa. Kumanzere kuli yankho, kumanja kuli mitundu imene CHAKA angatulutse:

```
CHAKA   BBBBB
CHALA   BBB-B
CHUMA   BB--B
PHALA   -BB-B
PHULA   -B--B
THEKA   -B-BB
TSOKA   ---BB
MBEWA   ----B
KHOLA   -B-CB
KHOMA   -B-CB
```

Milu yafika 9. Mawu 8 ali paokhapaokha, ndipo KHOLA ndi KHOMA okha ndiwo akubisalirana. Chifukwa chake chili pa K ndi L. Chilembo L chikupezeka m'mawu anayi, CHALA, KHOLA, PHALA ndi PHULA, koma monsemo chili pamalo achinayi, choncho chingangotuluka chobiriwira kapena chotuwa basi. K akupezeka m'mawu asanu, theka lenileni la mawu otsala, ndipo akukhala pamalo awiri osiyana: pachinayi mu CHAKA, THEKA ndi TSOKA, poyambirira mu KHOLA ndi KHOMA. Kabokosi ka K kokha kakugawa mawu khumiwo patatu, 3 obiriwira, 2 achikasu ndi 5 otuwa. Chilembo chabwino kufunsa ndi chimene chili m'mawu pafupifupi theka, makamaka ngati chimayendayenda malo. H, yemwe ali m'mawu 8 pa khumiwo ndipo nthawi zonse pamalo achiwiri, amathandiza pang'ono chabe. A womaliza sathandiza n'komwe, ngakhale kuti ndi amene amatuluka wobiriwira nthawi zonse. Kabokosi kamene mtundu wake ukudziwika liwu lisanalembedwe sikauza wosewera chilichonse chatsopano.

Kuyeza kufanana kwa milu

Pa mawu khumi maso okha amatha kuona liwu logawa bwino. Mawu akakhala mazana pamafunika nambala imodzi yoyezera, ndipo pali njira zitatu zodziwika.

Yoyamba ndi kuyang'ana mulu waukulu kwambiri, n'kusankha liwu limene mulu wake waukuluwo uli wochepa kuposa wa mawu ena. Apa wosewera akudziteteza ku tsoka lalikulu limene lingamugwere. Njirayi ndi imene Donald Knuth anagwiritsa ntchito mu 1977 poonetsa kuti Mastermind wa mitundu 6 ndi malo anayi, amene ali ndi mayankho 1,296, angathe kuululidwa nthawi zonse posaposa maulendo asanu. M'chitsanzo chija MBEWA akupeza 6, pamene CHALA ndi CHAKA onse akupeza 2. Kufooka kwa njirayi kwaonekera pomwepo, poti yalephera kusiyanitsa CHALA ndi CHAKA. Imangoona mulu umodzi, ina yonse osailabadira.

Yachiwiri imafunsa kuti, pa avereji, patsala mawu angati. Kawerengedwe kake n'kotere: kukula kwa mulu uliwonse kumachulukitsidwa ndi nambala yomweyo, zotsatirazo zimaphatikizidwa, kenako zimagawidwa ndi chiwerengero cha mawu onse. Kuchulukitsako kukuchokera ku vuto la pawiri lija. Mulu wa mawu 6 umasiya mawu 6, ndipo yankho limagweramo maulendo 6 pa 10 alionse. Kwa MBEWA ndi 36 + 4 + 1 + 1, zomwe ndi 42, ndipo kugawa ndi 10 kukupereka 4.2. Kwa CHALA, milu itatu ya awiriawiri ikupereka 12, milu inayi ya limodzilimodzi ikupereka 4, zonse 16, ndiye 1.6. Kwa CHAKA ndi 4 + 8, zomwe ndi 12, ndiye 1.2. Nambala yocheperako ndiyo yabwino. Njirayi ndi yoyenera munthu amene ali ndi pensulo ndi pepala, chifukwa sifuna china koma kuchulukitsa ndi kuphatikiza.

Yachitatu inachokera kwa Claude Shannon, yemwe mu 1948 anaonetsa mmene uthenga ungayezedwere. Muyezo wake umatchedwa entulopi, ndipo umawerengedwa m'mabiti. Biti imodzi ndi uthenga wokwanira kudula zotsala ndi theka. Mabiti awiri amasiya gawo limodzi mwa magawo anayi, atatu amasiya limodzi mwa 8. Kuti munthu apeze liwu limodzi pakati pa mawu khumi afunika mabiti pafupifupi 3.3. Pa avereji MBEWA akupereka mabiti 1.6, CHALA 2.7, CHAKA 3.1. Apa nambala yokulirapo ndiyo yabwino, ndipo imafika pachimake milu ikakhala yambiri komanso yofanana kukula.

Njira zitatuzi zimagwirizana nthawi zambiri, makamaka pozindikira liwu loipa. Zimasiyana pa mawu amene akupikisana pamwamba. Pamndandanda woyambirira wa Wordle, liwu loyambira limene lili ndi entulopi yaikulu ndi SOARE, la mabiti pafupifupi 5.9 pa mabiti 11.2 ofunika. Losiya mawu ochepa pa avereji ndi ROATE, limene limasiya pafupifupi 60. RAISE ali m'gulu la mawu amene mulu wawo waukulu uli wochepetsetsa, mawu 168. Onsewa amangidwa ndi zilembo za mtundu umodzimodzi, monga A, E ndi R, ndipo kusiyana kwawo pa masewera enieni n'kochepa zedi.

Liwu lodziwika kuti si yankho

Wosewera saumirizidwa kusankha pakati pa mawu otsala okha. Angathe kulemba liwu limene akudziwa bwino kuti si yankho, pofuna kufufuzira basi. Pa mawu khumi aja, CHULE sangakhale yankho, poti sakuthera ndi A. Koma pamalo pamene A wodziwika uja akanangokhala chabe, CHULE waikapo E, ndipo naye akugawa mawuwo m'milu 9, KHOLA ndi PHALA okha ndiwo akugwera pamodzi. Pa miyezo yonse itatu, CHULE ndi CHAKA akufanana ndendende.

Akafanana choncho, wopambana ndi amene angakhale yankho. Zimenezi zimaoneka powerengera maulendo onse ofunika kuti masewera athe. Ndi CHAKA, liwu limodzi likupezeka ulendo woyamba, mawu 7 ulendo wachiwiri, ndipo pa awiri obisalirana aja limodzi likupezeka ulendo wachiwiri, linalo wachitatu. Kuphatikiza zonse ndi maulendo 20 pa mawu khumi, avereji ya 2.0. Ndi CHULE palibe lopezeka ulendo woyamba, choncho maulendo ndi 21, avereji ya 2.1. CHALA akufuna 22, ndipo MBEWA, ngakhale wosewera atasankha mwanzeru pambuyo pake, akufuna 25. N'zochititsa chidwi kuti CHULE, amene alibe mwayi uliwonse wopambana pomwepo, akuposabe CHALA amene ali nawo.

Pali malo ena pamene liwu lakunja limakhala chipulumutso chenicheni. Wosewera wina wayesa kawiri, ndipo liwu lake lachiwiri, BANGA, latulutsa B wotuwa ndi zobiriwira zinayi. Zikuoneka ngati watsala pang'ono kupambana, koma pamndandanda patsala mawu 8: MANGA, PANGA, LANGA, WANGA, ZANGA, YANGA, DANGA ndi KANGA. Lililonse limene angayese pakati pa amenewa likugawa milu iwiri yokha, lokhalo ndi ena 7. Watsala ndi maulendo anayi, choncho akamalotera limodzilimodzi mwayi wake wopambana ndi theka basi.

Atalemba MWEZI, zinthu zikusintha. Liwuli likufunsa za M, W ndi Z nthawi imodzi. Chimodzi mwa zilembozi chikayaka, yankho ladziwika, ndipo lilembedwa ulendo wotsatira. Zonse zikatuwa, patsala mawu asanu, ndipo PYOLA akufunsa za P, Y ndi L. Nazonso zikatuwa, patsala DANGA ndi KANGA, pamodzi ndi maulendo awiri, okwanira mawu onse awiriwo. Wosewera amene wadzera njirayi sangalephere, kaya yankho likhale liti. Pa avereji akufuna maulendo 2.75, pamene wolotera limodzilimodzi akanafuna 4.5 akanakhala kuti maulendo alibe malire. Dziwaninso kuti MWEZI sakugawa mofanana kwenikweni, poti milu yake ndi 1, 1, 1 ndi 5. Akungoposa 1 ndi 7. Chimene chimasakidwa si liwu langwiro, ndi liwu logawa bwino kuposa ena onse amene alipo.

Mu Wordle weniweni msampha wotere umadziwika bwino pa mawu ngati BATCH, CATCH, HATCH, LATCH, MATCH, PATCH ndi WATCH. Umapweteka kwambiri amene atsegula Hard Mode, chifukwa lamulo la kumeneko limati chilembo chilichonse chimene chayaka chigwiritsidwenso ntchito m'mawu otsatira. Liwu lofufuzira ngati MWEZI sililoledwa. Wosewera wa Hard Mode ayenera kuuona msamphawo usanamugwire, n'kuyesa zilembo zosiyanitsa banja la mawu oterowo adakali ndi ufulu wotero.

Mawu akatsala ochepa kwambiri, kawerengedwe kamasinthako. Akatsala awiri, palibe chofufuza, wosewera angolemba limodzi. Akatsala atatu, ndipo limodzi mwa iwo likhoza kusiyanitsa awiri enawo, limenelo ndilo labwino, poti lingapambane pomwepo kapena kuulula yankho. Koma ngati atatuwo ali a banja limodzi, monga DANGA, KANGA ndi PANGA, kulotera limodzilimodzi ndi kufufuza ndi liwu lakunja zonse zikupereka avereji ya maulendo awiri. Apa chogamula ndi maulendo amene atsala. Ngati atsala awiri okha, wolotera amapambana kawiri pa katatu, pamene wofufuza ndi liwu losiyanitsa onse atatu amapambana nthawi zonse. Ukatsala ulendo umodzi, kugawa kulibenso ntchito, ndipo wosewera amangolemba liwu limene akuliona kuti lili ndi mwayi waukulu.

Pamene njirayi imalekezera

Kugawa mofanana kumayang'ana ulendo umodzi wokha kutsogolo. Kumaona kukula kwa milu, koma sikuona zimene zili mkati mwake, pamene milu iwiri yofanana kukula ingasiyane kwambiri pa kuvuta kwake. Chitsanzo cha mawu khumi chija chili ndi umboni wake. KHOLA amagawa mawuwo m'milu 7, ya 3, 2 ndi isanu ya limodzilimodzi, ndipo muyezo wachiwiri umamupatsa 1.8, kutsalira kwa CHALA wa 1.6. Komabe powerengera maulendo onse awiriwa akufanana, aliyense 22. Chifukwa chake n'chakuti mulu wa KHOLA wa mawu atatu, CHALA, PHALA ndi PHULA, ndi wofewa: kulemba PHALA kumasiyanitsa awiri enawo nthawi yomweyo. Mulu wa atatu wa banja la DANGA sukanamasuka chotero. Muyezo umauona mulu uliwonse wa atatu ngati wofanana ndi unzake.

Pa chifukwa chimenechi, liwu la entulopi yaikulu silikhala nthawi zonse liwu lothetsa masewera mwachangu. Akatswiri atagwiritsa ntchito makompyuta kufufuza nthambi zonse za masewerawa mpaka kumapeto mu 2022, anapeza kuti pamndandanda woyambirira liwu loyambira labwino koposa ndi SALET, limene limathetsa masewera pa avereji ya maulendo 3.42 ngati mawu onse otsatira asankhidwa bwino lomwe. Si SOARE, si ROATE. Koma phindu la kufufuza konseko poyerekeza ndi kugawa mofanana ndi kagawo kakang'ono ka ulendo umodzi, ndipo ntchito yake ndi yaikulu kwambiri moti munthu sangaichite pamtima. Ngakhale kuyeza liwu loyamba lokha kumafuna kuti mawu 12,972 amene Wordle ankalola ayerekezedwe ndi mayankho 2,315, komwe ndi kuyerekeza koposa 30 miliyoni. Kwa kompyuta imeneyi ndi ntchito yopepuka. Kwa munthu, chotheka ndi kulemba mawu otsala akachepa, kusankha atatu kapena anayi ooneka bwino, n'kuwerenga milu yawo.

Mawerengedwe onsewa atsamiranso pa mfundo yakuti liwu lililonse lotsala lili ndi mwayi wofanana ndi linzake. Zimenezi n'zoona ngati yankho likutoledwa mwachisawawa pamndandanda wodziwika. Ngati likusankhidwa ndi munthu, monga mnzake wa wosewera papepala kapena mkonzi wa masewera, mawu odziwika amatuluka kawirikawiri kuposa osowa. Zikatero mulu suyezedwa powerenga mawu okha, koma pophatikiza mwayi wa mawu ali mmenemo. Mulu wa mawu asanu osowa ungakhale wopepuka kuposa mulu wa mawu awiri a tsiku ndi tsiku, ndipo liwu loyenera kuyesa ndi limene likulekanitsa awiri odziwikawo.

Zilembo zobwereza

Cholakwika chofala kwambiri powerenga milu chimachokera ku zilembo zobwereza, ndipo m'Chichewa, mmene A amapezeka kawiri m'mawu ambiri, nkhaniyi singapewedwe. Lamulo lake n'lakuti chilembo chilichonse cha m'yankho chimayatsa kabokosi kamodzi kokha, ndipo zobiriwira zimayamba kutenga gawo lawo. Wosewera akalemba CHALA pamene yankho ndi CHUMA, A womaliza amakhala wobiriwira. A wapakati amatuwa, chifukwa CHUMA ali ndi A mmodzi yekha ndipo watengedwa kale. Choncho kutuwa kwa A wapakatiyo sikukutanthauza kuti m'yankho mulibe A. Kukutanthauza kuti mulibe A wachiwiri, ndipo umenewo ndi uthenga wothandiza: mawu onse a A awiri, monga CHAKA ndi PHALA, atayidwa.

Amene amawerengetsa mitundu, kaya papepala kaya polemba pulogalamu ya kompyuta, ayenera kudutsa liwulo kawiri. Ulendo woyamba aike zobiriwira zonse, n'kufufuta zilembo zimenezo m'yankho. Ulendo wachiwiri ayende kuchokera kumanzere, kupereka chikasu pokhapokha ngati chilembocho chikadalipo pakati pa zosafufutidwa, n'kuchifufuta nacho akangochigwiritsa ntchito. Wodutsa kamodzi kokha amapereka chikasu kwa A wapakati uja, kapena amataya mawu onse okhala ndi A poona kabokosi kotuwa. Zonsezi zimasokoneza milu, ndipo zimachotsa yankho lenileni pamndandanda popanda wina kuzindikira.

Chizindikiro chake chimaoneka mochedwa, pamene mawu otsala atha onse koma masewera sanathe. Zikachitika choncho, zifukwa zimakhala ziwiri: mwina yankholo silinali pamndandanda kuyambira pachiyambi, kapena mitundu inawerengedwa molakwika penapake. Njira yosiyanitsira ndi kutenga yankho lenileni likaululidwa, kuliyerekeza ndi liwu lililonse limene linayesedwa, n'kuona ngati mitundu yowerengedwa ikufanana ndi imene masewera anaonetsa. Ikafanana monsemo, vuto lili pamndandanda, ndipo liwulo liwonjezedwe. Ikasiyana pa liwu lokhala ndi chilembo chobwereza, vuto lili pa kawerengedwe ka mitundu, ndipo milu yonse imene inawerengedwa ndi mawu a zilembo zobwereza iyenera kuwerengedwanso.